Chithunzi cha funso chasowa, pangotsala mawu akuti "yankho"

MayiWaTurffontein

Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi dandaulo, ndipo ndikupempha kuti amene akudziwa andifotokozere. Lachiwiri madzulo mwana wanga wa giredi 9 anajambula funso la masamu pa foni yanga, analiika pa tsamba lathu lothandizana ntchito za kusukulu, ndipo pansi pake analemba kuti "yankho". Usiku wonse panalibe amene anamufotokozera kawerengedwe kake. Wina analemba kuti "yankho la chiyani?", wina anangoika zizindikiro za funso, ndipo wachitatu analemba kuti x = 4. Mwanayo anakopera zimenezo, koma aphunzitsi ake anamuthetha. Chomwe chikundizunguza mutu n'chakuti pa foni yanga chithunzicho chinkaoneka bwinobwino usiku umenewo, ndiye sindikumvetsa chifukwa chake anthu ankafunsa ngati sakuona kanthu.

Mphunzitsi_Wopuma

Mayi, ine ndine amene ndinafunsa kuti "yankho la chiyani?", ndipo sikunali kunyoza mwanayo. Kwa ine kunafika mawu amodzi okhawo, popanda chithunzi chilichonse, ngakhale kabokosi kosonyeza kuti panayenera kukhala chithunzi. Poyamba ndinaganiza kuti mwanayo akupereka yankho kwa mnzake wina ndipo waiwala kulilemba, chifukwa mawu amenewa akakhala okha sasonyeza ngati munthu akupempha kapena akupereka. Ndinadikira mpaka cha m'ma 9 koloko koma sanabwererenso.

MayiWaTurffontein

Sanabwerere chifukwa ankaona kuti funso lilipo kale, aphunzitsi, ndipo anaganiza kuti mukumuseka.

WaDedza_paBree

Nkhani iyi ndi ya netiweki basi, musavutike kufufuza zambiri. Ine ndimakhala pa renki ya Bree kuno ku Joni tsiku lonse, ndipo madzulo anthu akadzaza kudikira matakisi, uthenga wa mawu umapita koma chithunzi chimangozungulira mpaka munthu kutopa. Magetsi akazima m'dera lonse zimanyanya, chifukwa nsanja za mafoni zimayamba kudalira mabatire ndipo zina zimazimiratu. Mawu ndi opepuka, chithunzi n'cholemera, choncho chopepukacho chimadutsa ndipo cholemeracho chimatsalira. Amayiwa agule bandulo yokwanira ndipo azitumiza ali pafupi ndi zenera.

MayiWaTurffontein

Achimwene, tsiku limenelo magetsi analipo, ndipo tinkagwiritsa ntchito intaneti ya m'nyumba ya abwana anga, yomwe timaonerapo mafilimu popanda vuto.

Wamawaya_Braam

Zomwe anena a WaDedza za kulemera n'zoona, ndipo ndiyambire pomwepo. Mawu akuti "yankho" ali ndi zilembo 6, kutanthauza mabayiti 6. Chithunzi cha foni ya masiku ano nthawi zambiri chimakhala cha mamegabayiti 3 kapena 4, omwe ndi mabayiti pafupifupi 4 miliyoni. Netiweki ikafooka mpaka kumatumiza kota ya megabiti pa sekondi, chithunzi cha mamegabayiti 4, omwe ndi mamegabiti 32, chimafuna mphindi ziwiri ndi masekondi angapo kuti chikwere, pamene mawu aja amapita m'kuphethira kwa diso. Komanso kuonera filimu bwino sikutsimikizira kanthu, chifukwa liwiro lotsitsa zinthu ndi liwiro lokweza zinthu n'zosiyana, ndipo lokwezalo kawirikawiri ndi limene limakhala lochepa.

Koma sindikukhulupirira kuti netiweki ndi imene yachititsa izi pa tsamba lathu. Pali njira ziwiri zimene masamba amatumizira funso lokhala ndi chithunzi. Ena amayamba kukweza chithunzi pachokha mukangochisankha, ndipo mawu amapita paokha mukadina batani lotumizira. Pa masamba oterowo, mukadina msanga kapena netiweki ikaduka pakati, mawu amafikadi okha monga akunenera a WaDedza. Ena amamanga mawu ndi chithunzi pamodzi n'kuzitumiza ulendo umodzi, ndipo apa netiweki ikaduka, kawirikawiri zonse ziwiri zimatayika limodzi. Tsamba lathu ndalionetsetsa ndipo likuoneka kuti ndi la mtundu wachiwiriwu. Choncho ngati mawu anafika, ndiye kuti chithunzi nachonso chinafika pakhomo pa seva, kompyuta imene imasunga tsambali, koma chinakanidwa kumeneko.

Mayi, tsegulani chithunzicho pamene foni imasunga zithunzi, mupeze pamene alemba `Details`, ndipo mutiuze kukula kwake.

MayiWaTurffontein

Ndapeza. Palembedwa 3.6 MB.

Wamawaya_Braam

Zikomo, nambala imeneyo ikugwirizana ndi zomwe ndimaganiza. Masamba ambiri ang'onoang'ono amapangidwa ndi chiyankhulo cholembera mapulogalamu chotchedwa PHP, ndipo ngati mwini wake sanasinthe kanthu, PHP imabwera ndi malire awiri awa:

```
upload_max_filesize = 2M
post_max_size = 8M
```

Malire oyamba ndi a fayilo imodzi, achiwiri ndi a zonse zimene mwatumiza ulendo umodzi. Chithunzi cha amayiwa chapitirira 2 koma sichinafike 8. Zikatero seva imalandira mtolo wonse chifukwa sunapitirire malire aakulu, imasunga mawu, imataya chithunzi, n'kusiya chizindikiro cha vuto chomwe nambala yake ndi 1. Chizindikiro chimenecho sichionekera kwa wotumiza pachokha. Wolemba pulogalamu ya tsamba ndiye ayenera kuchiyang'ana ndi kuuza munthu kuti chithunzi chakula. Akapanda kutero, funso limasungidwa ngati kuti zonse zayenda bwino.

Zili ngati mmene timatumizira katundu kumudzi pa basi ya ku Park Station: kalata yalowa m'thumba la kondakitala, chikwama chakanidwa pa sikelo, koma palibe amene wakuimbirani. Kumudzi akulandira kalata yoti "landirani zimenezi" popanda cholandira.

Nachisale_Mayfair

Ngati chinakanidwa, nanga bwanji mayi akuti ankachiona pa foni yawo? Apa ndiye pamene ine sindikumvetsa, chifukwa inenso zinandichitikira mwezi watha ndipo ndinatsala pang'ono kukangana ndi munthu.

Wamawaya_Braam

Achemwali, chimene ankaona chinali chithunzi cha m'foni mwawo momwemo. Pofuna kuti munthu asadikire, tsamba limatenga chithunzi chimene mwasankha n'kuchionetsa pa sikirini nthawi yomweyo, seva isanayankhe n'komwe. Malinga ngati simunatseke tsambalo kapena kulitsegulanso, mumapitiriza kuona chithunzi chomwe munthu wina aliyense sakuchiona. Njira yodziwira ndi yosavuta. Mukatumiza, kokerani tsambalo pansi kuti litsegukenso, kapena yang'anani funso lanu pa foni ya munthu wina. Chithunzi chikasowa pamenepo, ndiye kuti sichinasungidwe.

MayiWaTurffontein

Ndatsegula pa foni ya mchemwali wanga tsopano lino, ndipo palidi mawu okhawo. Ndiye amene analemba x = 4 anazitenga kuti, popeza nayenso sanaone funso?

Mnyamata_waYeoville

Ndine ndinalemba, mayi, ndipo sindinangolota nambala. Pamwamba penipeni pa uthenga wa mwana wanu panali chithunzi cha wophunzira wina chokhala ndi 2x + 3 = 11, chomwe chinali chisanayankhidwe. Nditaona mawu akuti "yankho" pansi pake, ndinamva kuti ndi munthu amene akukumbutsa za funso lomwelo. Pa funso limenelo x ndi 4, ndipo sindinalakwitse masamu. Ife timathandiza kwaulere tikaweruka ku ntchito, ndiye sitingamafufuze uthenga uliwonse ngati apolisi.

Mphunzitsi_Wopuma

Masamu simunalakwitse, mwana wanga, koma munayankha funso limene simunafunsidwe, ndipo munalemba nambala yokha. Mukanalemba kuti "pa 2x + 3 = 11, chotsani 3 mbali zonse, mutsala ndi 2x = 8, choncho x = 4", mtsikanayo akanaona pa mzere woyamba kuti limenelo si funso lake. Nambala yopanda njira ilibe chizindikiro cha kumene yachokera, ndiye aliyense angaitole n'kuiika pa funso lililonse. Mayi, tilembereni funso lenilenilo ndi zala, musajambule.

MayiWaTurffontein

Ndi nambala 4.2, akuti apeze x pa 3(x - 2) = 2x + 5.

Mphunzitsi_Wopuma

Taonani, funso lonse lakwana mu mzere umodzi, ndipo likanalembedwa chonchi Lachiwiri likanafika pamodzi ndi mawu aja. Atsegule mabulaketi kuti apeze 3x - 6 = 2x + 5. Achotse 2x mbali zonse, atsala ndi x - 6 = 5. Awonjezere 6 mbali zonse, ndipo x = 11. Chofunika kwambiri kwa mwanayo n'chakuti aziyesa yankho lililonse limene wapatsidwa asanalikopere. Akaika 11, kumanzere kukubwera 3 kuchulukitsa ndi 9, zomwe ndi 27, ndipo kumanja 22 kuwonjezera 5, zomwenso ndi 27. Akanaika 4 uja akanapeza 6 kumanzere ndi 13 kumanja, ndipo akanadziwa usiku womwewo kuti pali chimene chasokonekera.

Mnyamata_waYeoville

Ndiye kuti nayenso ali ndi mbali yake, popeza sanayese.

MayiWaTurffontein

Ali ndi zaka 14 ndipo anakhulupirira munthu wamkulu, achimwene.

WaMangochi_Fordsburg

Ine langa ndi losiyana pang'ono, ndipo likutsutsa zomwe akunena a Wamawaya. Sabata yatha ndinajambula pepala la mwana wanga la sayansi, ndinalemba ndime yathunthu yofotokoza pamene wakanika, ndinadina kutumiza, koma palibe chimene chinatuluka. Chithunzi sichinafike, mawunso sanafike. Ngati seva imasunga mawu n'kutaya chithunzi, anga anapita kuti? Foni yanga ndi yatsopano, ya kamera ya mamegapikiselo 50.

Wamawaya_Braam

Bambo, nkhani yanu ikuthandiza kutsimikizira m'malo motsutsa. Ngati munajambula ndi mphamvu yonse ya kamerayo, chithunzi chanu chiyenera kuti chinapitirira mamegabayiti 8. Mtolo ukapitirira malire achiwiri aja, PHP siuwerenga n'komwe, ndipo pulogalamu ya tsamba imalandira mawu opanda kanthu ndi fayilo yopanda kanthu. Choncho pali magawo atatu. Pansi pa 2 zonse zimadutsa, pakati pa 2 ndi 8 mawu amatsala okha, ndipo pamwamba pa 8 zonse zimasowa. Gawo lapakatilo ndi limene limapweteka anthu kwambiri, chifukwa inu munaona msanga kuti zakanika, pamene mwana wa amayiwa anagona akuganiza kuti wafunsa.

WaMangochi_Fordsburg

Ndayang'ana, ndipo palembedwa 11.4 MB. Ndavomera.

Wosamalira_Gulu

Ndawerenga zonse, ndipo ndalowa kumene timasungira tsamba kuti ndione. Malire alidi 2M ndi 8M monga anenera a Wamawaya, sanasinthidwe chikhazikitsireni tsambali. Ndayesa ndi zithunzi zanga ziwiri, cha 1.4 MB chadutsa, cha 3.1 MB chasiya mawu okha. Ndikaona m'mbuyo ndikupeza mauthenga ambiri a mtundu womwewu, ena akuti "thandizeni", ena "chonde", ena "nambala 5", ndipo ambiri anatumizidwa kawiri kapena katatu motsatizana, zomwe zikusonyeza kuti eni ake ankabwereza ndi chithunzi chomwecho n'kumakanidwa mofanana. Funso langa kwa a Wamawaya ndi lakuti, ndingoletsa uthenga uliwonse umene chithunzi chake chili ndi chizindikiro cha vuto?

Wamawaya_Braam

Musaletse onse, chifukwa munthu amene sanasankhe chithunzi chilichonse nayenso amabwera ndi chizindikiro, cha nambala 4, chomwe chimangotanthauza kuti panalibe fayilo. Mukaletsa zonse mutsekereza ngakhale mafunso olembedwa ndi zala, omwe ndi amene tikufuna achuluke. Chofunika ndi kusiyanitsa motere:

```
$e = $_FILES['chithunzi']['error'];
if ($e !== UPLOAD_ERR_OK && $e !== UPLOAD_ERR_NO_FILE) {
    // musasunge; uzani wotumiza
}
```

Uthenga wopita kwa wotumiza ukhale wa Chichewa chomveka, wonena kuti chithunzi chakula kuposa malire, ndipo mawu amene analemba asafufutike m'bokosi. Kenako kwezani malire oyamba kufika pa 10M ndi achiwiri pa 12M, chifukwa achiwiri ayenera kukhala aakulu kuposa oyamba nthawi zonse. Ngati kutsogolo kwa tsamba kuli nginx, pulogalamu imene imayamba kulandira zotumizidwa zisanafike kwa PHP, dziwani kuti nayo ili ndi malire ake otchedwa `client_max_body_size`, omwe amayambira pa megabayiti imodzi ndipo akapitiriridwa amabweza nambala 413. Popeza cha 1.4 MB chadutsa, kwa inu mwina palibe nginx kapena wina anakweza kale, koma muyang'ane musanalengeze kuti zatheka.

WaDedza_paBree

Zonsezi n'zabwino, koma pa WhatsApp palibe mavuto amenewa. Bwanji osangosamukira kumeneko?

Nachisale_Mayfair

Kumeneko mawu amene mwalemba pansi pa chithunzi amayenda nacho limodzi, ndipo chikakanika mumaona kachizindikiro koti muyesenso, zimenezo n'zoona. Koma ana ambiri amatumiza chithunzi kaye kenako n'kulemba "yankho" ngati uthenga wina, ndipo mawuwo amatha kufika chithunzi chikadali kukwera. Kuwonjezera apo mafunso amakwiririka msanga pansi pa moni ndi mauthenga a maliro, n'chifukwa chake tinatsegula tsambali poyamba. Ine nkhani yanga ya mwezi watha sinathe. Chithunzi changa chinali cha makilobayiti 900 okha, ndayang'ana, koma nachonso chinasiya mawu okha. Malire a 2M sakundikhudza.

Wamawaya_Braam

Dzina la fayiloyo likuthera ndi chiyani, achemwali? Mafoni a iPhone kuyambira 2017 amasunga zithunzi mu mtundu wa HEIC, ndipo mafoni ena a Android ali ndi batani lofanana nalo. Zithunzi zimenezi zimakhala zazing'ono, koma masamba ambiri amangolandira JPG ndi PNG, ndiye tsamba likhoza kuchitaya mwakachetechete ngakhale chili chopepuka. Nthawi zambiri iPhone imachisintha yokha kukhala JPG potumiza, koma si nthawi zonse, makamaka mukachitenga m'mafayilo osungidwa. Amene akufuna kupewa zimenezi alowe mu `Settings`, kenako `Camera`, kenako `Formats`, n'kusankha `Most Compatible`.

Nachisale_Mayfair

Likuthera ndi .jpg, ndipo foni yanga ndi yotchipa ya Android.

Wamawaya_Braam

Ndiye HEIC yachoka pa mndandanda. Chotsala chimene ndikuchiganizira n'chakuti pa mafoni a memore yochepa, mukadina kujambula muli mkati mwa tsamba, foni imatseka tsambalo kuti kamera ipeze malo, ndipo pobwerera tsamba limatsegukanso popanda chithunzi chimene mwajambula. Munthu amalemba mawu n'kutumiza osazindikira kuti palibe chomwe chamangiriridwa. Koma pamenepo simukanaona chithunzi pa sikirini, pamene inu mukuti munachiona. A Wosamalira akayang'ana zolembedwa za seva za tsiku limenelo mwina tidziwa, ngati zikadalipo.

Mnyamata_waYeoville

Njira yachidule ndi kujambula sikirini. Tsegulani chithunzicho, mujambule sikirini, mutumize chimenecho. Chimakhala chaching'ono nthawi zonse.

Wamawaya_Braam

Nthawi zambiri, koma osati nthawi zonse. Mafoni ena amasunga chojambula cha sikirini ngati PNG, ndipo PNG ya chithunzi cha pepala lokhala ndi mithunzi ikhoza kupitirira mamegabayiti 2. Chodalirika kwambiri ndi kudula chithunzicho kuti patsale funso lokhalo, popanda tebulo, dzanja ndi theka la tsamba lina. Kudzitumizira pa WhatsApp n'kusunga chimene chafikacho kumachepetsanso kufika pa makilobayiti mazana angapo, koma yambani mwadula, chifukwa mukafinya pepala lathunthu tizilembo tating'ono timafufutika.

Mphunzitsi_Wopuma

Mfundo ya tizilembo tating'onoyo ndi yaikulu kuposa mmene ikuonekera. Ndaonapo chithunzi chimene chizindikiro chochotsera chinaoneka ngati kadontho ka fumbi, ndiponso china chimene ka 2 kapamwamba pa x sikankasiyana ndi ka 3. Chithunzi chinafika, koma funso linafika lolumala. N'chifukwa chake ine ndikupempha lamulo limodzi, lakuti aliyense wotumiza chithunzi alembenso giredi, phunziro, nambala ya funso ndi mzere woyamba wa funsolo. Mwana akalemba kuti "giredi 9, masamu, 4.2, 3(x - 2) = 2x + 5, ndakanika potsegula mabulaketi", chithunzi chikhoza kutayika koma ife tithandizabe, ndipo palibe amene angasokoneze funso lake ndi la wina.

WaMangochi_Fordsburg

Aphunzitsi, zimenezo zikutheka pa masamu a zilembo. Nanga funso la makona atatu lokhala ndi mizere yodutsana, kapena mapu, kapena chojambula cha mtima chimene akufuna mwana atchule ziwalo zake? Mwana amene angathe kufotokoza chojambula chotero m'mawu ndiye kuti funsolo walimvetsa kale. Komanso ana athu ambiri amene akulira kuno amalemba Chingerezi ndi Chizulu bwino kuposa Chichewa, ndipo makolo ena amene amawatumizira sadziwa kulemba zizindikiro za masamu pa foni. Lamulo lanu likhoza kuthamangitsa anthu omwe akufunika thandizo kwambiri.

Mphunzitsi_Wopuma

Sindikunena kuti ajambule makona atatu ndi zilembo, bambo. Akangolemba kuti "chithunzi cha makona atatu, akufuna ngodya B", ine ndidziwa kuti payenera kukhala chithunzi ndipo ndimuuza mwachindunji kuti sichinafike, achidule n'kutumizanso. Chiyankhulo alembe chimene akufuna. Chimene ndikukana ndi mawu amodzi, chifukwa amatisiya ife tikulosera.

Nachisale_Mayfair

Ndipo oyankhafe tisinthe kafunsidwe. "Yankho la chiyani?" mwana amakumva ngati kukalipa. Tizilemba kuti "kuno kwafika mawu okha, chithunzi sichikuoneka", kuti adziwe kuti zimene akuona iye ndi zimene tikuona ife n'zosiyana.

Wosamalira_Gulu

Ndaika kale chenjezo la chithunzi chokanidwa, ndipo ndaliyesa ndi cha 3.1 MB chija, tsopano likutuluka ndipo mawu sakufufutika. Kukweza malire sindingathe ndekha chifukwa kumene timasungira tsamba salola kusintha fayilo imeneyo, choncho ndawalembera, ndipo mpaka atayankha malire akhalabe 2M. Za lamulo la aphunzitsi sindinagamule. Ndikuganiza zoti bokosi lizikana mawu osakwana zilembo 20 ngati pali chithunzi, koma a WaMangochi ali ndi mfundo, ndiye ndikufuna ndimve kwa makolo ena mpaka Lamlungu. A Nachisale, zolembedwa za seva zimasungidwa masiku 14 okha, ndiye za mwezi watha zapita. Ngati chithunzi chija chikadali m'foni, chitumizeninso lero pa nthawi imene mundiuze, kuti ndione nambala ya vuto imene ituluke.

Nachisale_Mayfair

Chikadalipo. Nditumiza 7 koloko ndikaweruka, ndipo ndichita ndendende mmene ndinachitira tsiku lija, kujambula kwake kokha ndiko sindibwereza.